Phindu ndi limodzi, nanga ziwerengero ziwiri zachokera kuti?

Juni akafika, makampani amene amatseka mabuku pa 31 Disembala amakhala pa kalikiliki, chifukwa masiku 180 amene lamulo limapereka kuti apereke lipoti la msonkho ku MRA amakhala akutha. Ndiye m'tauni muno, kuyambira m'malesitilanti a ku Limbe mpaka pamabenchi odikirira kubanki, nkhani yamanga nthenje ndi imodzi: akauntanti akuti phindu ndi lakuti, koma pofika pa msonkho phindu lomwelo lanenepa.

Amene autsa mapiri pachigwa ndi bambo wina wa kampani yogulitsa simenti ndi malata. Mabuku ake, osainidwa bwinobwino ndi oona za mabuku, akuonetsa phindu la K40 miliyoni. Iwo anawerengera pamtima kuti msonkho wa kampani yolembetsedwa m'dziko muno ndi 30 peresenti, basi K12 miliyoni, nagona tulo tabwino. Mmawa mwake mtsikana wowerengera ndalama anawabweretsera pepala lonena kuti msonkho ndi K15.3 miliyoni. Akuti anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso. "Mwanawe, kapena wayamba ganyu ku MRA?" Mtsikanayo anangoti, "Ayi bwana, tiyeni titsike nalo limodzi pepalali."

Pepalalo ndaliona, ndipo mtsikanayo sanaphonye. Poyambira ndi pa K40 miliyoni pomwepo. Koma phindu la m'mabuku limatsala mutachotsa chilichonse chimene kampani yawononga, pamene lamulo la msonkho, pa gawo 28, limalola kuchotsa zokhazo zimene zinawonongedwa pa bizinesiyo basi, zofunikadi kuti ndalama zilowe, komanso zosakhala zogulira katundu wokhalitsa. Chimene chinachotsedwa m'mabuku koma lamulo silikuchivomera chimabwezeredwa pamwamba pa phindu. Palibe ndalama yatsopano imene yalowa m'kampani. Kwangosintha mlingo woyezera.

Choyamba kubwezeredwa chinali chindapusa cha K1.5 miliyoni chimene kampaniyo inalipira itachedwa kupereka msonkho wina. Pa ichi anthu sakukangana kwambiri. Dalaivala wina wa lole ndiye anaseketsa anzake ponena kuti boma likadalola kuchotsa chindapusa, ndiye kuti pa K100 iliyonse ya chilango likanamakubwezera K30, ngati mphunzitsi wokukwapula kwinaku akukusisita.

Phokoso lenileni lili pa K3.5 miliyoni ya sukulu fizi ya ana a mlongo wawo wa bwanayo ndi chopereka cha pa chinkhoswe cha kumudzi. Bamboyo akuti iwo ndi malume, ndipo malume wosalipirira ana a mlongo wake ndi malume wanji? Apa anthu ambiri ali mbali yawo, inenso ndikuwamvetsa ndithu, pakuti udindo umenewu ndi weniweni. Koma mayi wina amene wagwira ntchito ya mabuku zaka zambiri anawayankha mofatsa kuti, "Achimwene, malume ndinuyo, osati kampani. Kampani ilibe mlongo." Ndalamayo inatuluka mu akaunti ya kampani, inde, koma sinagulitse thumba la simenti ngakhale limodzi. Ikanakhala fizi ya mwana wa wantchito, yolembedwa m'mgwirizano wa ntchito, nkhani ikanayenda njira ina, ngakhale kumenekonso kuli msonkho wake.

Zinthu ziwiri zimenezi zikabwezeredwa, zapita mpaka kalekale. Koma pali zina zimene zimangouzidwa kuti dikirani kaye, ndipo apa ndi pamene ambiri m'tauni muno akusokoneza.

Tengani K3 miliyoni imene kampaniyo inaika pambali poopa kuti ena mwa makontilakitala otenga katundu pa ngongole sadzalipira. Akauntanti amachita bwino kutero, chifukwa mabuku sayenera kulonjeza ndalama zokayikitsa. A msonkho nawo amati mantha okha si umboni. Amafuna dzina la wangongoleyo, kuchuluka kwa ngongole yake, makalata amene munamulembera, ndi chosonyeza kuti zakanikadi. Choncho chaka chino K3 miliyoni ibwerera pa phindu, koma tsiku limene kontilakitala wakutiwakuti adzatsimikizike kuti wagwa, ngongole yakeyo idzachotsedwa. Mnyamata wina wa pakauntala atamva zimenezi anayamba kusunga makalata onse okumbutsa ngongole m'faelo yakeyake, ndipo anzake akumuseka kuti wasanduka loya. Musiyeni, akudziwa chimene akuchita.

Chachikulu pa zonse ndi dipulisiyeshoni, ndalama imene mabuku amachotsa chaka chilichonse poti lole, makompyuta ndi mashelefu zikukalamba. Pakampaniyi inali K12 miliyoni, ndipo yonse inabwezeredwa. Apa bwanayo akuti anaimirira, n'kuloza pawindo lole yawo yofuka utsi: kodi a MRA akuganiza kuti imeneyi ikadali yatsopano? Sakuganiza choncho ayi. Vuto ndi lakuti kampani iliyonse imadzisankhira yokha zaka zimene lole ikhale; wina ati zinayi, wina ati khumi, ndipo wofuna kuchepetsa msonkho akanangosankha zochepa. Ndiye lamulo limachotsa chiwerengero cha kampanicho n'kuikapo chake, chotchedwa kapito alawansi, chimene chili ndi mlingo woikika pa mtundu uliwonse wa katundu. Kwa bamboyu alawansiyo inakwana K9 miliyoni. Chaka chimene mwagula katundu wambiri, alawansi ikhoza kuposa dipulisiyeshoni, phindu la msonkho n'kutsika kuposa la m'mabuku, koma zikatero simumva munthu akudandaula pabenchi.

Tsono masamu ake ndi awa. Pa K40 miliyoni onjezanipo K1.5 miliyoni, K3.5 miliyoni, K3 miliyoni ndi K12 miliyoni, zikwana K60 miliyoni. Chotsanipo K9 miliyoni ya alawansi, patsala K51 miliyoni. Msonkho wa 30 peresenti pamenepo ndi K15.3 miliyoni. Pa K3.3 miliyoni imene inawadzidzimutsa bwanayo, K1.5 miliyoni yokha, yochokera pa chindapusa ndi za kumudzi zija, ndiyo yapitiratu, K1.8 miliyoni yotsalayo ndi nkhani ya nthawi chabe.

Amalonda oitanitsa katundu kunja nawo ali ndi nyimbo yawo, imene anayamba kuimba kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali ndi ngongole ya madola anaona mabuku awo akulemba kuluza kwakukulu usiku umodzi wokha. Mmodzi anasangalala kuti chaka chimenecho msonkho kulibe, mpaka anauzidwa kuti kuluza kwa pa kusintha kwa ndalama kumachotsedwa pokhapokha ngongoleyo italipidwadi. Isanalipidwe, nakonso kumabwezeredwa pa phindu.

Ndamvanso za wina amene anamanga shedi yatsopano kuseli kwa sitolo n'kuilemba kuti "kukonza denga". Zotere zimaonekera msanga: ndalama ya zokonzakonza ikalumpha kuchoka pa K2 miliyoni chaka chatha kufika pa K14 miliyoni chaka chino, woyendera mabuku amayamba kuitanitsa malisiti a pamenepo, ndipo lisiti la njerwa zikwi makumi awiri silifanana ndi denga lodontha. Kumata malata ndi kukonza. Kumanga chimene kunalibe ndi katundu wokhalitsa, ndipo ndalama yake imabwezeredwa.

Bwana wa simenti uja akuti mtima unakhala pansi atafika pamzere womaliza. Kampani yake inali italipira kale K10 miliyoni, ina pa msonkho wa miyezi itatu iliyonse, ina yodulidwiratu ndi makasitomala amene anasiya ziphaso zake. Yotsala inali K5.3 miliyoni. Anasaina, kenako n'kufunsa mtsikanayo ngati fizi ya teremu ikubwerayi angailipire kuchokera pa malipiro awo. Anawayankha kuti imeneyo ndiye njira yake, bwana.