Zonse, kulikonse, tsiku lomwelo

Mawu amene anandigwetsa m'mavuto ndinalemba ndekha, wopanda wondikakamiza. Ndinawaika pa WhatsApp, ndinawasindikizanso pa timapepala tomwe ndinamata pa depoti ya Ntcheu, pa Kampepuza ndi pa msika wa Lizulu. Ankati: "Katswiri wojambula zithunzi. Timajambula zonse, kulikonse, nthawi iliyonse. Zithunzi zanu tsiku lomwelo." Onani kuti ndinalemba "timajambula", pomwe kampani yonse inali ine, kamera imene mlamu wanga anabwera nayo kuchokera ku Joni, lenzi imodzi ya 18-55mm ndi batire limodzi. Ndinkaganiza kuti mbiri ya munthu wa bizinesi ili ngati ukonde: ukakula, nsomba zichuluka. Sindinkadziwa kuti anthu a ku Ntcheu amawerenga liwu lililonse ndi kulisunga.

Liwu loyamba kudzandifunsa linali "zonse". Bambo wina wotsogolera gulu la ngoma anandiimbira kuti gulu lawo likavina Loweruka ku Umhlangano wa Maseko ku Nkolimbo, komwe Angoni amasonkhana chaka ndi chaka pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani V, pokumbukiranso Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896.

"Achimwene, ngoma mumaitha?"

"Bambo, papepalapo mwawerenga. Zonse."

Madzulo ake anaimbanso mayi wina. Mwana wa mchemwali wawo anali ndi chinkhoswe Loweruka lomwelo masana, cha ku Tsangano. Anafunsa ngati ndimafika kutali chotero. Ndinayang'ana mawu anga, ndinapeza "kulikonse" ali pomwepo, ndipo ndinavomera. Zakutsogolo zonse ziwiri ndinalandira, n'kudya.

Ku Nkolimbo ndinapeza kuti wojambula wopanda chilolezo safika pakati pa bwalo. Ndinaima m'khamu, kutali, ndipo pa 55mm amuna a zishango ndi zibonga ankaoneka timadontho. Komabe vuto lalikulu linali lina. Dzulo lake ndinali nditajambula munthu wokhala phee m'nyumba, ndipo kamera ndinaisiya pa dongosolo lomwe ine ndimasankha liwiro la shata, yokha n'kumasankha kukula kwa bowo la lenzi. Liwirolo linali 1/60. Padzuwa la Sepitembala kamera inangochepetsa bowo mpaka f/22, kuwala n'kukhala bwinobwino, ndipo pa kagalasi kakumbuyo zithunzi zinkaoneka zabwino. Ndinkagwedeza mutu ngati munthu wodziwa.

Ngoma mukuidziwa. Mwendo umakwera, umatsika ndi mphamvu, fumbi n'kuti koboo. Kuti phazi lotero liime pachithunzi pamafunika 1/500 kapena kuposa. Pa 1/60 phazi limayenda mtunda ndithu shata isanatsekeke. Ndikanakulitsa chithunzi chimodzi chokha pakagalasipo ndikanaona chizindikiro chake: mitengo yakumbuyo ndi mahema zili gwa, koma miyendo ndi nthenga zafufutika. Zikakhala choncho lenzi ilibe mlandu, dzanja silinanjenjemere, ndi shata imene yachedwa. Ine ndinazindikira zimenezi usiku, pa laputopu.

Mwambo wa mafumu sutha pa nthawi imene wojambula akufuna. Gulu langa linalowa m'bwalo dzuwa litapendeka, ndipo pomwe ndimatsika minibasi pa mphambano ya Tsangano n'kuyamba kukambirana mtengo ndi wa kabaza wa njinga yamoto, mithunzi inali itatalika. Wa kabazayo anatchula ndalama yoposa theka la zomwe mayi aja anandipatsa. Pa timapepala panga panalibe mawu akuti thiransipoti ndi ya woitana. Tinakwera mapiri, mphepo ya kumeneko ikundilowa m'malaya, tikudutsa minda ya mbatatesi imene sindinaone kukongola kwake.

Ndinafika ankhoswe atapatsana kale nkhuku. Atsikana ofundidwa zitenje anali atavundukulidwa, mkwatibwi atapezeka, nkhwangwa ndi lichero zitaperekedwa. Pa chinkhoswe zimenezi ndizo zithunzi. Zotsalazo ndi kufupa basi. Amalume a mtsikana anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Ndinu a nthawi iliyonse aja?"

"Ndine, bambo."

"Ndiye mwasankha ino."

Kunali kukuda. Lenzi yangayo ukaikokera pa 55mm bowo lake silitseguka kuposa f/5.6. Anzanga amene amajambula madzulo amanyamula ya 50mm yofika f/1.8, imene imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi. Ine ndinakweza ISO mpaka nkhope zinachita mchenga, kenako ndinadalira kafulashi ka pamutu pa kamera, kamene kamawalitsa munthu wa pa mamita atatu, akumbuyo onse n'kumira mumdima. Kafulashiko kamadya batire, ndipo batirelo linali litagwira kale ntchito ku Nkolimbo. Linathima mkwati ndi mkwatibwi akuimirira kuti ajambulitse ndi makolo. Ndinapitiriza kuloza kamera yakufayo kwa kanthawi ndithu, anthu akumwetulira, chifukwa sindinkadziwa kuti ndinene chiyani.

"Tsiku lomwelo" linandipeza pakati pa usiku. M'memore kadi munali zithunzi pafupifupi 600. Kusankha ndi kukonza chimodzi kumanditengera mphindi ziwiri. Zonse pamodzi ndi maola 20, magetsi akakhalapo. Lonjezo langa silikanatheka ngakhale zonse zikanayenda bwino, ndipo masamu ake ndi a Sitandade 5. Bambo wa ngoma atabwera anayang'ana zithunzi zake nthawi yaitali, n'kufunsa ngati anyamata ake anavina opanda miyendo. Ndinabweza ndalama mbali zonse ziwiri, zokongola kwa mlamu yemwe uja.

Mlongo wanga, amene amagulitsa kabichi pa Lizulu ndipo sananenepo kuti amagulitsa zonse, ndiye anandikhazika pansi. Anandiuza nditsegule zithunzi zanga zakale, ndisankhe zimene sindichita nazo manyazi. Zonse zinali za mtundu umodzi: anthu apachibale ataima kapena atakhala, panja, masana, pafupi nane. Zinkhoswe, masiku omaliza sukulu ya mkaka, amayi a mvano atavala yunifolomu. Kenako anandifunsa mafunso amene amafunsa munthu wofuna kulipira. Mumajambula chiyani? Mumafika pati osawonjezera mtengo? Ndilandira zingati, liti? Mukalephera, ine ndipeza chiyani? Anati chimene sichiyankha limodzi mwa mafunsowa ndichifufute, ndipo "katswiri" anapita poyamba. Malo a About pa WhatsApp ankalola zilembo 139 zokha, choncho pamenepo ndinangoika mzere woyamba, zonse n'kuzilemba pa timapepala tatsopano:

"Ndimajambula zinkhoswe za masana, kuyambira Lizulu mpaka Kampepuza. Chinkhoswe chimodzi pa tsiku. Ndimafika ola limodzi mwambo usanayambe. Zithunzi 60 zokonzedwa pa foni panu pasanathe masiku 7, ndi 10 zotsukidwa. Kutali ndi M1, thiransipoti ndi yanu. Ndikachedwa, ndibweza theka la ndalama."

Masiku 7 sindinangowatola. Zithunzi 60 ndi maola ochepa, koma ndinawerengera masiku a magetsi ozima ndi ulendo wokatsukitsa. Mzere wa chinkhoswe chimodzi pa tsiku unandipweteka kwambiri polemba, poti Loweruka ndi limodzi pa sabata. Mafoni anachepa, n'zoona. A maliro, a mpira ndi a ngoma anasiya kuimba. Koma woimba ankayamba ndi kutchula tsiku, osati kufunsa ngati ndimatha.

Mzere womalizawo ndinkaunyadira kuposa yonse, mpaka mwezi watha. Ndinachedwa ndi tsiku limodzi, ndipo nkhoswe wa kuchimuna anafika pakhomo m'mamawa, kapepala kali m'manja, chala chili pa mawu akuti "theka la ndalama". Ndinamukumbutsa mwaulemu kuti banja lawo linali lisanandipatse ngakhale tambala, poti tinagwirizana kuti adzalipira akaona zithunzi.

"Izo n'zoona," anatero. "Koma apa simunalembe kuti ndalama zake ziti."

Anakhala pampando. Mkazi wanga anamuikira tiyi.