Mapu a Kunyumba ndi Galu Wofiira

Mkulu wina wakabaza wa ku Ndirande anatopa ndi kusunga ndalama m'sokosi, nalowa m'banki kuti atsekule akaunti. Kalaliki anamufunsa mwaulemu: "Peyisilipu mwatenga, bambo?" Mkuluyo anakwinya buluku mpaka m'mawondo n'kuloza akatumba. "Nayi, achemwali. Imatuluka tsiku lililonse."

Mzere wonse unafa ndi phwete, koma akaunti anatsekula. Chimene banki imafuna si pepala la abwana ayi. Lamulo lothana ndi ndalama zakuba, lomwe Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2017, limakakamiza banki kudziwa kuti ndinu ndani, mumakhala kuti, ndipo ndalama mumazipeza bwanji. Peyisilipu ndi njira imodzi chabe yoyankhira funso lachitatulo.

Wakabazayo anawerengera pamodzi ndi kalaliki. Patsiku amapha pafupifupi K8,000, ndipo pamwezi amapalasa masiku 25. Pafomu analemba kuti ntchito ndi kabaza, ndalama zapamwezi K200,000. Basi. Amene makasitomala ake amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba angathenso kuonetsa mndandanda wa ndalama zolowa pafonipo. Chachikulu musadzichepetse dala. Mayi wina wogulitsa tomato analemba kuti "sindigwira ntchito", poopa kuti banki ikamuneneza kwa okhometsa misonkho. Patatha sabata anabwera ndi chitenje chomanga mfundo yaikulu ngati mutu wa mwana. Atafunsidwa kumene ndalamazo zachokera, anati, "Mulungu ndi wabwino." Kalaliki anavomera kuti ameni, n'kumupatsa fomu ina.

Phwando lenileni lili pa funso la kumene mumakhala. Banki imakonda bilu ya ESCOM kapena ya madzi, koma munthu wa lendi amene amasamuka mwezi ukangotsala pang'ono kutha, bilu ya dzina lake aitenga kuti? Njira zilipo. Mutha kutenga bilu ya alandilodi pamodzi ndi kakalata kawo kotsimikiza kuti mumakhala pamenepo, ngati mukulankhulana. Apo ayi, pitani kwa amfumu a m'dera lanu akulembereni kalata yokhala ndi chidindo, ndipo poti kwa mfumu sapita chimanjamanja, konzekani. Kenako pafomu pamakhala malo oti mujambule mapu a kunyumba.

Mnyamata wina anajambula mzere wokhotakhota, n'kulemba kuti: "Mukafika pamene pamagona galu wofiira, khoterani kumanzere."

"Nanga galuyo akadzuka?" anafunsa kalaliki.

"Ameneyo sadzuka, bwana. Ngakhale akuba amachita kumulumpha."

Anam'bwezera fomu. Mapu amafuna zinthu zosayenda: sukulu, tchalitchi, mzikiti, chigayo, mjigo, siteji ya minibasi. Yambani pamsewu waukulu, ikani zizindikiro ziwiri kapena zitatu, nyumba yanu muiike mtanda. Mtengo wa mango musaudalire, amakala ali pantchito. Mukasamuka, kauzeni a banki.

Pa funso lakuti ndinu ndani, chiphaso cha unzika chochokera ku NRB ndiye mwini filimu. Onetsetsani kuti dzina la pafomu, la pakalata ya amfumu ndi la nambala yanu ya foni likufanana ndi la pachiphaso, lemba ndi lemba. Bambo wina anali Yohane pachiphaso, Joni pakalata ya amfumu, ndipo foni inalembetsedwa m'dzina la mlamu wake. Kalaliki anamufunsa kuti mwa atatuwo akutsekula akaunti ndani. "Tonse," anatero bamboyo, "koma wotapa ndine ndekha." Osadziwa kulemba asachite manyazi, chala chimadinda. Odziwa kulemba asasaine mwamatama, chifukwa mkulu wina anakhota siginecha yamaluwa tsiku loyamba, pobwera kudzatapa inamukana mwini wake.

Amene zonsezi zamukulira afunse akaunti zosavuta zija, monga Pafupi ya NBS kapena Ufulu ya FDH, zomwe zinapangidwira anthu opanda mapepala ambiri. Kwenikweni zimafuna chiphaso ndi foni, ndipo kuika kapena kutapa mumachitira kwa ajenti. Kuipa kwake, akaunti zotere zimakhala ndi malire a ndalama zoyendetsa, choncho bizinesi ikakula mapepala aja adzafunikabe.

Agogo ena anaika kandalama m'akaunti wamba n'kukakhala kumudzi zaka ziwiri. Pobwera anauzidwa kuti akaunti inagona ndipo ndalama zinachepa ndi zodula zapamwezi. "Yagona, koma kudya ikudya?" anadabwa agogowo.

Musanasaine, funsani kalaliki kuti pamwezi amadula zingati, potapa kwa ajenti amadula zingati, ndalama yosayenera kutsika m'akaunti ndi ingati, ndiponso akaunti imagona pakapita miyezi ingati osaigwiritsa ntchito. Mayankhowo akulembereni papepala.