Za Mutu wa Imelo Yosintha Tsiku la Msonkhano

Mwa zizolowezi zimene zamera mizu m'maofesi a m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre, palibe chimene chimachitika mokhulupirika ngati kusintha tsiku la msonkhano, moti anthu ena amaona tsiku loyamba kulengezedwa ngati maganizo chabe amene wapampando wawaika patebulo kuti aone ngati pali wowatsutsa. Nkhani ya kusinthako imayenda pa imelo, ndipo mbali ya imelo imene imawerengedwa ndi aliyense ndi mutu wake, kutanthauza mzere umodzi umene umalembedwa m'kabokosi kotchedwa Subject ndipo umaoneka pamndandanda wa makalata munthu asanatsegule kalata iliyonse. Mawu a m'kati amawerengedwa ndi mlembi mwini wake, ndiponso nthawi zina ndi msungichuma ngati akukayikira kuti mwatchulidwa alawansi.

Vuto lenileni ndi la malo. Ambiri amawerenga makalata awo pafoni, ali mu minibasi kapena atakhala mumsonkhano wina, ndipo mafoni ambiri amaonetsa zilembo zapakati pa 30 ndi 40 zokha za mutu, kuwerengera ndi mipata yomwe, kenako n'kudula zotsalazo ndi timadontho titatu. Malo ochepa chonchi sagwirizana ndi ulemu wa kuno, umene sulola munthu kufika pa nkhani asanalonjere, asanapepese ndiponso asanatchule maudindo a amene akuwalankhula motsata kukula kwake. Mwa chitsanzo, titenge mlembi wa komiti ya zachuma m'bungwe lina amene wauzidwa kuti msonkhano wa Lachiwiri pa 11 Novembala wakankhidwira Lachinayi pa 13, nthawi ya 9 koloko m'mawa, chifukwa wapampando apita kumaliro. Mlembi woleredwa bwino amalemba kuti “Okondedwa mabwana ndi madona, pepani kwambiri, msonkhano wathu uja wasintha”, ndipo foni yoonetsa zilembo 35 imafikitsa kwa owerenga mawu akuti “Okondedwa mabwana ndi madona, pepan”. Owerengawo amadziwa kuti amakondedwa ndiponso kuti wina wayamba kupepesa, koma chimene walakwa sachidziwa, ndipo popeza kupepesa kwa m'maofesi kawirikawiri kumakhudza kuchedwa kwa malipiro, ambiri amasankha kusatsegula kalatayo pofuna kuteteza mtima.

Mlembi wina, amene anaphunzira kuti mutu uyenera kukhala wachindunji, amalemba kuti “Msonkhano wa zachuma wa Lachiwiri wasinthidwa”. Chiganizo chimenechi chilibe cholakwa chilichonse pa malamulo a chiyankhulo, koma ndicho choopsa koposa, chifukwa foni yomwe ija imachidulira pa “Msonkhano wa zachuma wa Lachiwiri w”, ndipo chimene chinalembedwa kuti chiletse anthu kubwera Lachiwiri chimasanduka chikumbutso choti asaiwale kubwera Lachiwiri. Zotsatira zake zimaoneka m'mawa wa tsikulo, pamene mamembala atatu okha amene amasunga nthawi amafika atavala masuti, wina atalipira njinga yamoto kuchokera ku Area 25, n'kupeza chipinda chokhoma ndi mlonda amene, mosiyana ndi iwo, anamva kale zonse kwa dalaivala wa wapampando. Motero mutu wolakwika umalanga osunga nthawi, pamene ochedwa mwachizolowezi amapulumuka, popeza iwo amayamba aimba foni kufunsa ngati zayambika asananyamuke kunyumba. Chiphunzitso chake kwa mlembi n'chakuti diso lothamanga limatola tsiku loyamba limene lakumana nalo n'kulisunga, choncho tsiku lakale siliyenera kutsogola.

Ngakhale kutsogoza tsiku latsopano kuli ndi msampha wake ngati mlembi sanawerenge zilembo. Mutu wakuti “Msonkhano wa zachuma tsopano ndi Lachinayi” umathera pa “La”, zimene zimangotsimikizira owerenga kuti si Lolemba kapena Loweruka, n'kuwasiya kuti asankhe okha pakati pa masiku asanu otsalawo, Lamulungu lomwe. Mawu ngati “mawa” ndi “mkuja” nawonso sathandiza, chifukwa tanthauzo lake limayenda ndi tsiku limene kalata yatsegulidwa, ndipo munthu amene bandulo inamuthera Lolemba adzawerenga “mawa” wa Lolemba ali pa Lachitatu. Manambala okhaokha, monga 11/12, amasokoneza pamene mumsonkhanomo muli mlendo wa ku America, kumene amayamba kulemba mwezi: kwa Mmalawi limeneli ndi 11 Disembala, kwa mlendoyo ndi 12 Novembala.

Mutu womveka pongouponya diso umasanja zinthu motsata kufunika kwake: choyamba mawu amodzi onena zimene zachitika, kenako dzina lalifupi la msonkhano, kenako tsiku latsopano lokhala ndi dzina la mwezi, pomaliza nthawi. Pa nkhani ya komiti ija, mutu wake ungakhale “WASINTHA: Zachuma, 13 Nov, 9:00”, umene uli ndi zilembo 31, ndipo mlembi akhoza kuwonjezera kumapeto kuti “Lachinayi, osati 11 Nov”, podziwa kuti mbali imeneyi ikadulidwa palibe chimene chitayike. Mawu oyambawo ayenera kusankhidwa moona mtima, pakuti msonkhano umene wasintha uli ndi tsiku latsopano, umene waimitsidwa ulibe tsiku pakadali pano, ndipo umene walephereka sudzachitikanso, ngakhale kuti m'maofesi ambiri wachitatuwu umalengezedwa ndi dzina la wachiwiri pofuna kuti ufe mwaulemu. Malonje, kupepesa ndi chifukwa chosinthira ndi zoyenera ndithu, koma malo ake ndi m'kati mwa kalata, m'mene mlembi angathe kulonjera aliyense mpaka ana kunyumba. Mawu akuti URGENT, amene amalembedwa pa makalata opempha zopereka za chikwati ndi olengeza kuti kiyi wa kuchimbudzi wasowa, anatha mphamvu kalekale, ndipo amangodya zilembo zisanu ndi chimodzi.

Patsala chizolowezi cha mlembi wotanganidwa, amene salemba mutu watsopano n'komwe koma amangoyankha kalata yakale yoitanira anthu. Mutu umatuluka uli “Re: Msonkhano wa zachuma, 11 Nov”, ndipo mapulogalamu ngati Gmail, amene amaunjika pamodzi makalata a mutu umodzi, amakwirira uthenga wofunikawo pansi pa mayankho khumi a anthu olemba kuti “Noted” ndi “Zikomo bwana” kwa gulu lonse. Njira yake ndi kulemba kalata yatsopano, kapena kusintha mutu poyankha, zimene mu Gmail ya pakompyuta zimatheka posankha Edit subject.

Mlembi angadziwe ngati mutu wake wagwira ntchito pomvetsera mafunso amene akubwera. Akamafunsidwa ngati nkhomaliro idzakhalapobe Lachinayi, ndiye kuti uthenga wafika, akamafunsidwa kuti “kodi imelo ija imati chiyani?”, ndiye kuti ntchito yonse ayibwereza pafoni ndi mayunitsi ake. Kusintha kukachitika kutatsala maola ochepa, mutu ngakhale wabwino chotani sungamupeze munthu amene ali kale pa msewu wa M1, ndipo apo pafunika kuimba basi. Wapampando akasinthanso tsiku kachiwiri, zimene mlembi wanzeru amaziyembekezera, mawu oyamba akhale “WASINTHANSO”, kuti kalatayo isatengedwe ngati yomwe ija yatumizidwa kawiri, ndipo masiku awiri akale asatchulidwe m'mutumo, chifukwa komiti imene yaona masiku atatu mu mzere umodzi imagawikana patatu, gulu lililonse n'kufika tsiku lake, n'kufunsa kumene kuli pepala losainira.