Wadiropu si thumba la makala, anzanga

Pa msika wa Soweto chilichonse chili ndi muyeso wake. Tomato amagulitsa pa bokosi, kapenta pa meda, anyezi pa thumba. Wadiropu yekha ndiye timagulitsa ndi mawu akuti “ndi wamkulu bwino, amayi, alowa.” Ine ndine mmodzi wa akatswiri a muyeso umenewu. Ndinabadwa ndi tepi m'maso, ndipo amake mwana amati ndi tepi yomweyo imene ndimayezera malipiro anga n'kumaona ngati afika pa 30.

Alandilodi atakweza lendi, tinagwirizana kuti wadiropu wathu wa zitseko zitatu apite kukakhala pamalo pa alamu anga, amene amagulitsa mipando yakale chakufupi ndi msewu wa Lumumba. Ntchito yanga inali kuyankha ogula pa foni. Woyamba anali mayi wina wa m'mafulati a ku Kabwata, ndipo funso lake linali lalifupi: ndi wamkulu bwanji? Ndinamuuza kuti amandipitirira pang'ono ndikavala chipewa. Mayiyo anandifunsa mwaulemu ngati ndingabwere ndi chipewacho kuti adzandiyeze pakhomo pake.

Alamu ndiwo anatulutsa tepi. Anati wogula amafuna manambala atatu, ndipo lililonse lizibwera ndi dzina lake: msinkhu kuchoka pansi kufika pamwamba, m'lifupi kuchoka kumanzere kufika kumanja, ndi kuya kuchoka kumsana kufika kumaso. Wathu anatuluka masentimita 200 msinkhu, 150 m'lifupi, 58 kuya. Muyeze kunja, pamene patukuka kwambiri. Ngati kalipentala anaika kachisoti pamwamba kotulukira m'mbali, tepi iyambire pa kachisotiko. Miyendo iwerengedwe. Zogwirira zitseko nazo zimaonjezera masentimita atatu kapena anayi, choncho muuzeni wogula ngati zimamasuka ndi sikuludiraiva.

Tepi ili ndi mizere iwiri, wina wa mainchi, wina wa masentimita, ndipo maso a munthu ngati ine amakonda mzere wa manambala akuluakulu. Masentimita 150 ndi mainchi 59. Mukalemba 59 osanena kuti ndi chiyani, pambali pake n'kulemba 58, wogula aganiza kuti mukugulitsa kakabati ka pambali pa bedi, abwera ndi wilibala m'malo mwa kanta.

Manambala atatu aja ndi theka chabe la nkhani, theka lina lili kunyumba kwa wogula. Chitseko chofala m'nyumba zathu ndi cha masentimita 81 m'lifupi ndi 203 msinkhu, koma wadiropu sadutsa pa chitseko, amadutsa pa mpata umene watsala chitsekocho chikatsegulidwa. Felemu imadyako, chitseko chokolekedwa pa mahinjesi chimadyakonso, ndiye mumatsala ndi 76 kapena kuposerapo pang'ono. Kumene kuli chitseko chachiwiri chazitsulo chotchinga akuba, yezaninso chimenecho, chifukwa owotcherera ena amapanga mpata wongokwana mwininyumba ali ndi njala.

Mayi wa ku Kabwata anayeza n'kupeza 76. Kuya kwa wadiropu ndi 58, ndiye ine ndinayamba kale kuwerengera ndalama mumtima. Alamu anangofunsa kuti, “Nanga mukalowa pakhomopo, njira yopita kuchipinda ndi yowongoka?” Sinali yowongoka. Kolido yake inali ya masentimita 90, ndipo pakati inakhota ngati chigongono. Pa ngodya yotere, mbali zonse zili 90, chinthu chakuya 58 chimakhota pokhapokha ngati kutalika kwake sikupitirira 138. Wathu ataimirira ndi 150, atagona ndi 200. Ngakhale mutachotsa zitseko zake, mwangopindula pang'ono, 150 sikwanabe.

Masamu amenewa musawaope, ndikutero ine amene ndinasiyana nawo mwamtendere mu Giredi 9. Pali njira ya anthu wamba. Dulani makatoni, muwalumikize akhale 150 kwa 58, ndipo wogula awakoke pansi kuchokera pakhomo lakunja mpaka kuchipinda, osawapinda. Pamene katoni yakana, wadiropu adzakananso, kusiyana kwake n'koti katoni sifuna anyamata anayi olipidwa ndiponso siswa galasi.

Mayiyo anafunsa ngati wadiropuyo amamasuka. Ili ndi funso loyenera kuyankhidwa lisanafunsidwe. Wa chipibodi wa m'masitolo amamangidwa ndi masikuluwu, amalowa mzidutswa, ngakhale kuti mukam'masula kawirikawiri mabowo amakula n'kuyamba kugwedera. Wathu ndi wa mukwa, umene ena timati mlombwa, ndipo kalipentala wa ku Kalingalinga anaulumikiza ndi guluu ndi misomali. Kumasula ameneyo n'kuwaza nkhuni. Tinatsanzikana ndi mayiyo bwinobwino, kanta isanalizidwe n'komwe.

Wachiwiri anali bambo wa ku Chelstone, wa nyumba yoti ukalowa pabalaza chipinda chili maso ndi maso. Apa vuto linali lina. Khomo ndi 203, wadiropu ndi 200, ndipo masentimita atatu otsalawo ndi oti mudutsemo zala za onyamula ndi matailosi amene alandilodi anawonjezera pansi. Sizitheka. Ayenera kulowa chogona cham'mbali, 150 ili choimirira, 58 ili chopingasa, ngati mmene timalowetsera matiresi.

Walowa, tsopano muimikeni. Siling'i ya bamboyo inali 240, ndipo ine ndinati 200 ndi yochepa kwa 240, nkhani yatha. Alamu anayala tepi chopingasa kumaso kwa wadiropu, kuchoka pa ngodya ya pansi kumanzere kufika pa ngodya ya pamwamba kumanja, ndipo inawerenga 250. Pomudzutsa kuchoka cham'mbali, ngodya ya pamwamba imayenda mozungulira n'kufika msinkhu umenewo, ndiye imaboola siling'i asanaime. Kenaka anayala tepi chopingasa pa nthiti yake, pamene pali 200 ndi 58, inawerenga 208. Ndiye kuti akalowa m'chipinda ayambe wagonekedwa chagada, kenaka adzutsidwe kuchoka kumsana. Kuti agone chagada pafunika pansi popanda kanthu pa 200 kwa 150, kutanthauza kuti bedi lituluke kaye, ndipo babu lolendewera lichotsedwe.

Chotsala chinali malo ake okhala. Khoma liyezedwe pansi, chifukwa kathabwa kozungulira m'munsi mwa khoma kamadya malo, ndipo muone ngati wadiropu saphimba soketi kapena switchi ya magetsi. Chitseko chilichonse cha wathu ndi masentimita 50, choncho pakati pa iye ndi bedi pafunika 50 yoti chitseguke, kuonjezapo poima munthu wosankha malaya. Bamboyo anapeza 90, anakhutira, anatumiza kanta. Ine ndinapatsidwa udindo waukulu wonyamula madilowa ndi kufuula kuti “pang'onopang'ono!”

Ndalama anasunga amake mwana, poti iwo amayeza ndi tepi yeniyeni. Inu ogulitsa, lembani msinkhu, m'lifupi ndi kuya m'masentimita, muonjeze miyeso iwiri yopingasa ija, ndipo munene ngati katunduyo amamasuka. Inu ogula, yezani khomo chitseko chili chotsegula, kolido, ngodya ndi siling'i musanakwere minibasi yopita ku Soweto. Wa kanta amalipiritsa ulendo wobwerera, wadiropu alowe kapena asalowe.