Phwando la a Zakwana

Padangokhala, ku Feira kumene Luangwa amathira mu Zambezi, nyama za m'mbali mwa madzi zinasonkhana pansi pa mlambe. Unali mwezi wa Disembala, boma litatseka usodzi monga limachitira chaka ndi chaka mpaka kumapeto kwa Febuluwale, choncho mabwato anali pamtunda ndipo gombe linali la nyama zokha. Kutsidya kwa Luangwa nyali za ku Zumbo zinali zitayamba kuphethira, kutsidya kwa Zambezi ku Kanyemba kukumveka ng'oma.

Tsikulo a Ng'azi ankakwanitsa zaka 20. Tsiku lenileni palibe ankalidziwa, koma amayi awo anaikira mazira m'chulu, chiswe n'kumata pakhomo, ndipo iwo anatuluka mvula yoyamba itafewetsa dothi. Ndiye mvula yoyamba ikangogwa, phwando.

Kachasu wa masau atazungulira kawiri, a Nyani anakwera pa muzu wa mlambe, chikho chili m'manja.

"Abale anga, khalani chete pang'ono. Anyamata inu kumbuyoko, mumawaitana akuluwa kuti a Zakwana, ena mpaka mumaganiza kuti ndi dzina la m'kaundula wa amfumu. Ayi. Ine ndinalipo tsiku limene dzinali linabadwa, ndipo lero ndiulula."

A Ng'azi anatulutsa lilime lawo lamphanda n'kulibweza. "Achimwene, kachasuyo akukutsogolerani."

"Anditsogolere, njira akuidziwa. Tamverani. Nonse mukuwadziwa agogo a Ng'ona a pa mchenga wa kumtunda uko. Iwo aja anaswedwa mu 1958, chaka chimene azungu anatseka Zambezi ku Kariba. Ndi mayi wolimba mtima, mano ngosayamba, koma sukulu sanaione. Kuwerenga kwawo n'kwa zala. Tsono ng'ona ili ndi zala zisanuzisanu kumiyendo yakutsogolo, zinayizinayi kumiyendo yakumbuyo. Mwana wa sukulu, zonse zingati?"

"Ndi 18," anayankha Kafulu, mdzukulu wa a Fulu.

"Wakhoza. Dziko la agogo limathera pa 18. Kupitirira apo amangoti n'zambiri.

"Chaka chimene dzinali linabadwa, mu Sepitembala, madzi ataphwa, agogo anakumba dzenje lawo pamchenga pamene madzi safika msanga, lakuya ngati mkono wangawu. Amene simunalerepo mazira a ng'ona simudziwa ntchito yake. Ndi miyezi itatu yathunthu mayi ali gone pamwamba pa dzenje, kudya osadya. Ndiye ganizirani dzuwa la Okutobala la kuno kwathu, limene ngakhale mbuzi zimathawira pansi pa nkhokwe. Masana ng'ona iyenera kutsikira m'madzi, apo ayi ipsa. Nthawi yomweyo ndi imene ife eni ake timayendera. Zaka ziwiri zotsatizana agogo anabwerako n'kupeza makoko okhaokha.

"Ndiye anati chaka chino ndilemba mlonda. Analengeza gombe lonse. Anafika ndani? Mnyamata wa zaka zisanu, khosi losalala, ulemu wake wogwada nawo. Akuluwa."

Nyama zonse zinaseka. A Ng'azi anawerama, koma mchira unkagunda pansi mokondwa.

"Usiku woikira, mnyamata anaima pambali pa dzenje kuwerenga dzira lililonse likamagwa. Ine ndinali mu mtengo wa msangu, ndinkawerenga nawo chamumtima. Anakwana 46. Agogo atakwirira, ali wefuwefu, anafunsa kuti, 'Mwanawe, alipo angati?' Mukudziwa anayankha bwanji? Sananame, mnzangayu sanama. Anati, 'Amayi, chala chanu chilichonse chili ndi dzira lake.' Agogo anayang'ana zala zawo, n'kunena kuti, 'Basi, Mulungu wandikomera.'"

"Nanga si zoona?" anatero a Ng'azi.

"N'zoona, bwanawe, n'zoona! Tsono ana inu, phunzirani luso. Wakuba mazira wopusa amadziwika ndi zinthu zitatu. Amasiya dzenje lili yasa. Amamwaza makoko pompo. Ndipo pamchenga pamatsala mzere wa mchira wake, uku ndi uku zikhadabo. Mnzangayu ayi. Ankafukula chammbali, kutenga awiri kapena atatu a pamwamba, kukwirira bwinobwino, makoko kukataya m'bango, pobwerera akuyenda chafutambuyo, mchira ukusesa mapazi. Agogo akavuuka madzulo, mchenga uli see. 'Mlonda, zili bwanji?' Iye, manja pachifuwa, 'Zakwana, amayi.' Mawa, 'Zakwana, amayi.' Mkuja, 'Zakwana, amayi.' Mpaka tiana ta mbalame tinayamba kumuimba akamadutsa."

A Fisi anaseka mpaka kachasu anawatulukira m'mphuno.

"Musaseke kwambiri, a Fisi, ndikubwera kwa inu. Chimene ndimamukondera mnzangayu n'chakuti sadya yekha. Pa mazira 28 amene anasowa, iye anadyapo 12 okha. Ine, popeza ndinkakhala mu msangu kuyang'ana ngati agogo akutuluka m'madzi, ndinalandira 6. A Nyenga anatipezerera tsiku lina, analandira 5. A Fisi anabwera usiku kudzafunsa ngati zonse zili m'malamulo, anapita ndi 3. A Khwangwala, inu amene simugona ndi nkhani m'mimba, munapatsidwa 2, ndipo kwa miyezi itatu munadwala pakhosi. Ndanama?"

"Chinali chifuwa cha fumbi," anatero a Khwangwala, nyama zonse n'kugwa nacho chiseko.

"Tsono apa ndi pamene ndifuna mundimvetse, chifukwa ena mungapite kwanu mukuti a Zakwana ndi munthu wamba. Atatsala 18, anaima. Ine ndinamunyengerera kuti limodzi lokha, achimwene. Anandiyang'ana n'kunena kuti, 'Ukakhudza limeneli wadula chala cha amayi.' Kuyambira tsiku limenelo gombe lino silinaonepo mlonda wotero. Msuweni wake weniweni atabwera kudzafukula, anamukwapula ndi mchira mpaka anawolokera ku Zumbo. A Nyenga, nanunso onetsani khutu lanulo, ana aone."

A Nyenga anapendeketsa mutu, khutu long'ambika lija n'kuonekera.

"Kenaka Disembala. Mukudziwa kuti Zambezi ali ndi chipata chake ku Kariba, amabwera mwaulemu. Luangwa alibe womutseka. Mvula ikagwa kumtunda, kuno kuli ngwee nyenyezi, iye amangofika usiku, wofiira, atasenza mitengo. Usiku umenewo agogo anali atatsetserekera kumathiriro, njala ya miyezi itatu itawagonjetsa. Madzi anayamba kunyambita mchenga. Dzira la ng'ona likamira, mwana amafera momwemo. Mnzangayu anaika khutu pansi, anamva tiana tikulira m'kati. Akanatha kuthawa. Akanathanso kudya, pakuti ndani akanadziwa? Madzi akanasenza mlandu. Koma anadziponya mu Luangwa wodzala, iye wochepa chonchi, kusambira mumdima mpaka anawapeza agogo. Anabwerera onse, anafukula onse, agogo akutola ana m'kamwa kupita nawo m'bango. Wotsiriza anamutulutsa m'chikoko ndi mnzangayu, madzi ali m'khosi.

"Kutacha agogo anandandalika ana, mwana pa chala, mwana pa chala. Atafika pa chala chomaliza, analira. Anakuwa kuti gombe lonse limve, 'Zakwana! Zakwanadi! Mwana uyu dzina lake ndi Zakwana!' Chaka chimenecho ng'ona zinzawo zopanda mlonda sizinaswe ndi mmodzi yemwe. Ndiye ine ndimati, pakati pa kutaya zonse ndi kutsala ndi 18, mnzangayu ndi dalitso.

"Bwanawe, takalamba limodzi. Unandisenza pamene ndinathyoka mwendo m'munda wa mapira, unandibisa pamene alimi ankatithamangitsa pamodzi ndi njovu. Sunandimanepo. Ukhale ndi moyo mpaka zaka zako zipitirire zala za agogo kawiri. Tukulani zikho! Kwa a Zakwana!"

"Kwa a Zakwana!" linayankha gombe lonse.

Zikho zisanatsike, bango linagwedezeka. Anali agogo a Ng'ona, akudzikoka pang'onopang'ono, mcheni wamkulu ali kukamwa. Kuseka konse kunazima. A Nyani anakwera nthambi imodzi m'mwamba.

Agogo anaika nsomba ija pamapazi pa a Ng'azi. "Mwananga, ndachedwa, miyendo yatha. Ndamva phokoso ndili kutali, ndati akumutamanda mwana wanga. Mutamandeni ndithu. Zaka zonsezi sanandisowetsepo dzira ndi limodzi lomwe. Chaka chilichonse 18, chaka chilichonse 18. Sepitembala akubwerayu mwana wanga wamkazi aikira koyamba, ndipo ndamuuza kuti mlonda asafune wina."

"Ndine mwana wanu, amayi," anatero a Ng'azi, manja pachifuwa.

Pamenepo Kafulu anatukula mutu. "Agogo, nanga poikira paja analipo anga..."

A Fulu anamukankhira mutu m'chigoba. A Khwangwala chifuwa chija chinawayambanso. A Fisi anayamba kuyang'ana nyali za ku Zumbo ngati akuziona koyamba.

"Mwanayu akuti chiyani?" anafunsa agogo.

"Akufunsa zaka, amayi," anatero a Nyani ali m'mwamba. "Paphwando lotere timawerenga zaka. Zina zonse zili ndi tsiku lake."

"Ana a masiku ano," anatero agogo, "sukulu yawaononga."

Usiku womwewo, popeza onse anali pamodzi, anaganiza zomaliziratu nkhani ya thumba la maliro la gombelo, limene linkasowa msungichuma. A Nyenga anatchula dzina la a Zakwana, a Fisi anavomereza, agogo a Ng'ona anakweza mwendo wakutsogolo zala zisanu zili tambasu. Kafulu yekha sanavote, mutu unali udakali m'chigoba. Anasankhanso woyang'anira mabuku, kuti zinthu ziziyenda poyera, ndipo udindowo unagwera a Nyani.

Mpaka lero thumba lija likuyenda bwino. Pamsonkhano uliwonse wapachaka msungichuma amaimirira, manja pachifuwa, kunena mawu ake amodzi aja, woyang'anira mabuku n'kugwedeza mutu, onse n'kuomba m'manja. Maliro akagwa, bokosi limagulidwa, laling'ono pang'ono koma limagulidwa.

Inu amene muli ndi dzenje lanu, kaya ndi chilimba, kaya ndi thumba la mpingo, kaya ndi ndalama za chitukuko cha dera lanu, musadalire kuti gombe lidzakuuzani, pakuti gombe linalawa nawo. Werengani nokha tsiku loikira, ndipo zala zikakutherani, itanani mwana wa sukulu asanamukankhire mutu m'chigoba.