Masamu a Ndowa ya Madzi Osamba

Hita yomiza m'madzi imasandutsa magetsi kukhala kutentha, ndipo mphamvu imene imadya potenthetsa ndowa ya madzi osamba imadalira zinthu zitatu zokha: kulemera kwa madziwo, madigiri amene ayenera kukwera, ndi nambala ina imene madzi anabadwa nayo. Kuchedwa kudzuka, ukali wa abwana kuntchito ndi kulira kwa mita pakhoma sizilowa m'masamuwa, ngakhale mwini danga lino wakhala akuzipemphera malo kwa nthawi yaitali.

Nambala yobadwa nayoyo imanena mphamvu yofunika kuti kilogalamu imodzi ya chinthu itenthe ndi digiri imodzi. Mphamvu imayezedwa m'majulu, dzina lochokera kwa James Prescott Joule wa ku Mangalande, amene m'zaka za m'ma 1840 ankatakasa madzi ndi zopalasira n'kumayeza mmene akufundira. Madzi amafuna majulu pafupifupi 4,186 pa kilogalamu pa digiri, ndipo powerengera mwachangu amangoti 4,200. Chitsulo chimafuna pafupifupi 450 basi. Madzi tsono ndi aumbombo kuposa chitsulo kasanu n'kanayi, n'chifukwa chake hita imayamba kuotcha m'kanthawi kochepa pamene madzi a m'ndowa akadali zii.

Zitatuzi amazichulukitsa motere:

Q = m × c × ΔT

Apa m ndi makilogalamu a madzi, c ndi nambala ija, ΔT ndi kusiyana kwa kutentha koyambira ndi kofikira, ndipo Q ndi majulu onse. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho sikelo siifunika. Ndowa ya malita 20 ili ndi makilogalamu 20, kupatula ndowa ya mwini danga lino imene inang'aluka cha kukamwa ndipo imadzaza mwaulemu.

Chitsanzo chikhale cha m'mawa wa mu Juni, chiperoni chitakuta Blantyre, madzi amene anagona panja ali pa madigiri 15. Munthu wamba amasamba mosadandaula pa madigiri 40. Kusiyana kwake ndi 25. Kuchulukitsa 20 ndi 4,200 kumapereka 84,000, amene ndi majulu okweza ndowa yonse ndi digiri imodzi yokha. Kuchulukitsanso ndi 25 kumapereka majulu 2,100,000. Nambala yotere mwini danga lino sanaionepo pa chinthu china chilichonse cholembedwa m'dzina lake.

Mantha amachepa nambalayo ikasinthidwa kukhala mayunitsi. Yunitsi imodzi ya pa mita ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola lathunthu, ndiye kuti majulu 3,600,000. Ndowa ija imadya mayunitsi 0.58, kupitirira pang'ono theka la yunitsi. Pa masiku 30 munthu mmodzi amatha mayunitsi 17.5, ndipo banja la anthu asanu limatha 87.5 pongosamba. Mlamu amene anabwera kudzagona usiku umodzi m'mwezi wa Epulo amawerengedwa ngati munthu wathunthu.

Nthawi yodikira imachokera pa mawati olembedwa pa chogwirira cha hita. Wati imodzi ndi julu imodzi pa sekondi. Hita ya mawati 1,500 imapereka majulu 2,100,000 m'masekondi 1,400, amene ndi mphindi 23 ndi pang'ono. Ya mawati 2,000 imamaliza m'mphindi 17 ndi theka, ya 1,000 m'mphindi 35. Magetsi akafooka, monga zimachitikira nthawi imene mudzi wonse ukuphika, hita imafooka kwambiri kuposa mmene munthu angaganizire, chifukwa mphamvu yake imatsata mavoti owachulukitsa ndi iwo eni. Mavoti akatsika kuchoka pa 230 kufika pa 200, hita ya 1,500 imangotulutsa mawati pafupifupi 1,130, ndipo mphindi 23 zija zimasanduka 31.

Pamenepa ndi pamene nzeru za anthu osunga ndalama zimathera. Mwini danga lino ali ndi hita yaing'ono imene anaisankha pamsika poganiza kuti chaching'ono chimadya pang'ono. Masamu akukana. Hita yaing'ono imadya pang'onopang'ono koma kwa nthawi yaitali, ndipo majulu amene madzi akufuna ndi omwewo. Imaluzanso pang'ono, popeza ndowa ikamachedwa imakhala ikutaya kutentha kumpweya, pansi pa simenti ndiponso m'nthunzi. Chimene bamboyu amapindula ndi mphindi 35 zoima pakhomo la bafa atavala thaulo, akulonjerana ndi ana a sukulu.

Nzeru ina ndi yowiritsa madzi pang'ono m'ketulo n'kusakaniza ndi ozizira. Kuti malita 20 afike pa madigiri 40, pamafunika malita owira pafupifupi 6 othira m'malita ozizira 14. Malita 6 okwera ndi madigiri 85 amafuna majulu 2,142,000, ndiye kuti ndalama ndi yomwe ija, kungowonjezera maulendo anayi a ketulo ya lita imodzi ndi theka.

Chomwe chimathandizadi n'chotchipa: chivundikiro pandowa, ndi thabwa kapena chiguduli pansi pake. Kutakasa nakonso kumafunika. Madzi otentha ndi opepuka ndipo amakwera pamwamba, choncho hita yokoleka pakamwa pa ndowa imatenthetsa madzi apamwamba okha, apansi n'kukhala mmene anagonera. Wosamba amasangalala ndi makapu oyamba, n'kudzipaka sopo thupi lonse, kenako n'kukumana ndi Juni yense ali phee pansi pa ndowa. Kukuwa kumene aneba amamva nthawi zina cha m'ma 6 koloko kumachokera pamenepa.

Kuiwala hita n'kumene kumadya mayunitsi mopanda chisoni. Kufikitsa ndowa yonse powira kumafuna majulu oposa 7,000,000, pafupifupi mayunitsi awiri, ndipo hita ya 1,500 imachita zimenezi m'ola limodzi ndi mphindi 20, nthawi yosakwana mpira umodzi wa pa wailesi. Madzi akawira sakweranso madigiri. Mphamvu yonse imapita kukawasandutsa nthunzi, ndipo lita imodzi kuti iuluke imafuna majulu 2,260,000, kuposa amene anatenthetsa ndowa yathunthu yosamba. Madzi akatsika mpaka chitsulo kuonekera, palibenso cholanda kutentha kwake, choncho hita imafiira n'kupsa, ndipo ikagunda ndowa ya pulasitiki imaiboola. Zizindikiro zake ndi mazenera a thukuta, fungo la pulasitiki, ndi mayi a kunyumba oitana munthu ndi dzina lake lonse la pa chitupa.

Pa zoopsa palibe nthabwala. Hita iyenera kumizidwa mpaka pa mzere wake isanalumikizidwe, ndipo pulagi izulidwe hita isanatulutsidwe m'madzi. Chala chisalowe m'ndowa pulagi ili pakhoma, ngakhale swichi ikuoneka yozima, chifukwa hita yong'aluka kapena yopanga pamanja imalowetsa magetsi m'madzi, ndipo magetsi a m'nyumba amapha munthu wonyowa woima pa simenti. Ndowa yachitsulo imawonjezera ngoziyo, ndipo ana sayenera kuyandikira.

Popeza c sasintha, wofuna kupulumutsa mayunitsi watsala ndi m ndi ΔT. Malita 15 okwezedwa kuchoka pa 15 kufika pa 38 amafuna majulu 1,449,000, amene ndi mayunitsi 0.4. Madzi ogona m'nyumba amayamba ofunda kuposa ogona panja, ndipo digiri iliyonse yopezeka mwaulere imachotsa majulu 84,000 pa ndowa yodzaza. ΔT akakhala ziro, Q nayenso ndi ziro. Njira imeneyi mwini danga lino amaitsata mokhulupirika kuyambira pa 20 mwezi uliwonse, n'kumauza aneba kuti ndi malangizo a zaumoyo.