Taimutebulo Yomwe Inandivula Chitenje

Ahedi atafunsa pa mitingi kuti ndani angakonze taimutebulo ya temu yatsopano, ndinakweza dzanja msangamsanga, chifukwa ndinkaganiza kuti mphunzitsi wa masamu sangagonje ndi ntchito yodzaza timabokosi. Pasukulu pathu pali makalasi 8, awiri pa fomu iliyonse, aphunzitsi 12, labu imodzi ndi mapiriyodi 9 patsiku. Ndinawerengetsa kuti mapiriyodi onse pasabata ndi 360, kutanthauza 30 kwa mphunzitsi aliyense, ndipo ndinaona ngati ntchito yatha.

Ndinayamba ndi Fomu 1A, kuyika masamu ndi Chingerezi m'mawa ana asanatope, kenaka 1B, mpaka kukafika 4B, n'kukamata pepala m'sitafurumu. Lolemba lake belu litangolira, amayi a Chingerezi anapezeka kuti akufunika ku 2A ndi ku 4B nthawi imodzi, makalasi awiri anakumana pakhomo la labu aliyense ndi makope m'manja, 3B inakhala piriyodi yonse yopanda mphunzitsi ikuimba nyimbo, ndipo ine ndinaima pakhonde ndi pensulo, thukuta lili kamukamu, ndikusowa woyamba kumupepesa.

Ndinafufuta n'kusuntha Chingerezi, koma chinakagwera pa jogalafe, jogalafe n'kukankha Chichewa, mpaka pepala linabooka ndi labala. Apa m'pamene ndinawerenga mapiriyodi a mphunzitsi aliyense payekha. Abambo a fizikisi ndi kemisitiri, omwe ndi okhawo ophunzitsa maphunzirowa ku Fomu 3 ndi 4, ndinawasenzetsa makalasi 4, maphunziro awiri, mapiriyodi 5 paphunziro: onse pamodzi 40 mwa 45. Anangondisonyeza pepalalo osanena kanthu, ndipo manyazi ake sindinawaiwale. Tinachita kupempha mphunzitsi wa bayoloje kuti atengeko kemisitiri ya Fomu 3.

Labu nayo ndinali ndisanaiwerengere. Kuyesa zinthu kumafuna dabulo, mapiriyodi awiri otsatizana, ndipo patsiku mumalowa madabulo 4 okha, pasabata 20. Ine ndinalonjeza kalasi iliyonse dabulo ya bayoloje, ya fizikisi ndi ya kemisitiri, zomwe ndi 24. Ngakhale ndikanafufuta usiku wonse, madabulo 4 akanasowabe malo.

Ndinayambiranso, koma ulendo uno ndinayamba ndi zinthu zosowa. Labu inali yoyamba: Fomu 2 mpaka 4 anatenga madabulo 18, ndipo kalasi iliyonse ya Fomu 1 inapeza dabulo imodzi pasabata, maphunziro atatuwo akumasinthana. Kenaka ndinaika aphunzitsi omwe alibe wowalandira paphunziro lawo, ndipo masamu anga analowa komaliza, ena mpaka masana. Tsopano ndisanamate taimutebulo ndimailemba pamapepala atatu, la makalasi, la aphunzitsi ndi la zipinda, n'kuona kuti dzina lililonse likupezeka kamodzi kokha pa piriyodi iliyonse.